Vidiyo yoyera pa kompyuta, yophwanyika ukaiponya pa intaneti: tikweze bitireti, tisinthe kodeki, kapena titani?

Vidiyo imene munthu akuonera pa YouTube, Facebook, TikTok kapena Instagram si fayilo imene inu munatumiza ayi. Apa ndi pomwe nkhani yonse yagona. Mukamaliza kuapuloda, makompyuta awo amatenga fayilo yanu ija nkuifinyanso, kupanga makope angapo ang'onoang'ono, ina ya 360p, ina ya 720p, ina ya 1080p, kuti munthu aliyense alandire yomwe netiweki yake ingakwanitse kunyamula. Ndiye palibe setin'gi ya ekisipoti imene ingaletse kufinyidwa kwachiwiriku, aliyense okuuzani kuti pali batani lotero akukunamizani. Chimene muli nacho m'manja ndi chimodzi basi, kusankha kuti muwapatsa fayilo yotani yoti aifinye. Zili ngati fotokope, ukatenga pepala loti ndi fotokope kale nkulipanganso fotokope, madontho onse a yoyamba ija amalowa mu yachiwiri nkuwonjezerapo ake, pomwe ukapereka orijino zimatuluka zooneka.

Tiyambe tamvana pa mawu awiri. Kodeki ndi njira yofinyira vidiyo, monga H.264, H.265, VP9, AV1, ProRes. Bitireti ndi kuchuluka kwa data imene yaperekedwa ku sekondi iliyonse ya vidiyo, imayezedwa mu Mbps. MP4 ndi MOV si makodeki, ndi mabokosi chabe osungiramo, mkati mwa MP4 mutha kukhala H.264 kapena H.265, ndiye munthu akamati ndinaekisipota mu MP4 sanakuuzeni chilichonse za kwalite.

Kuti muone kukula kwa kufinyaku, fulemu imodzi ya 1080p ili ndi mapikiselo 1920 kuchulukitsa ndi 1080, omwe ndi 2,073,600, ndipo pa mafulemu 30 pa sekondi ndi mapikiselo oposa 62 miliyoni sekondi iliyonse. Itakhala yosafinya nkomwe, ya mtundu wamba wa 8-bit 4:2:0, ingafune pafupifupi 746 Mbps. Inu mukaekisipota pa 8 Mbps ndiye kuti mwaichepetsa kuposa ka 90, ndipo pulatifomu imadzachepetsanso pamenepo. Zimatheka bwanji? Kodeki sisunga fulemu iliyonse yathunthu, imasunga imodzi yathunthu kenako pa zotsatirazo imangolemba zomwe zasintha. Munthu atakhala pampando akulankhula, khoma kumbuyo kwake silikusuntha, kodeki imangoti khoma ndi lomwe lija, data yonse nkupita kunkhope ndi pakamwa, nchifukwa chake mavidiyo otere amaoneka bwino ngakhale bitireti ili yochepa. Koma mujambule masamba a mtengo kukuomba mphepo, madzi akuchita mafunde, udzu wa pabwalo la mpira kamera ikuthamanga, utsi, mvula, kapena gemu yothamanga, pikiselo iliyonse ikusintha nthawi imodzi, data sikwana, kodeki imayamba kutaya tizinthu ting'onoting'ono nkusiya timabokosi ndi phala.

Zizindikiro zake zimasiyana ndipo ndi bwino kuzidziwa chifukwa si zonse zimachizika ndi bitireti. Timabokosi tooneka pomwe pali kuyenda kwambiri, kapena udzu ndi tsitsi kusanduka zopaka, imeneyo ndi data yochepa. Mizere yokhala ngati masitepe pa thambo kapena pakhoma lamdima ndi vuto la 8-bit, pomwe mtundu uliwonse uli ndi masitepe 256 okha, kufinya kukachotsa ena masitepewo amaonekera. Zilembo zofiira zooneka zosamveka bwino m'mphepete ndi 4:2:0 ija, imasunga mitundu pa kota chabe ya mapikiselo, mukweze bitireti mpaka kumwamba sizisintha kwenikweni, bola kungokulitsa zilembozo kapena kusintha mtundu. Ndipo vidiyo ikatuluka yotuwa kapena yowala mopyola, nthawi zambiri ndi foni inajambula mu HDR koma yaekisipotedwa mosokoneza, mankhwala ake ndi kuisandutsa bwinobwino kukhala Rec.709, mitundu ya vidiyo wamba yosakhala HDR, mu edita, osati bitireti.

Tsopano titenge chitsanzo chimodzi tiyende nacho njira zonse. Vidiyo ya mphindi 10, 1080p, mafulemu 30 pa sekondi, ikupita pa YouTube. Mphindi 6 ndi munthu akulankhula m'chipinda mowala bwino, mphindi 3 kamera ili m'manja ikuyenda panja pomwe pali mitengo ndi madzi, mphindi yomaliza ndi ya madzulo kuli kamdima ndipo chithunzi chili ndi timchenga tija timatchedwa noizi. Samu yopezera kukula kwa fayilo ndi yosavuta, bitireti kuchulukitsa ndi masekondi nkugawa ndi 8, yankho limatuluka mu MB. Mphindi 10 ndi masekondi 600. Tiyerekezenso kuti intaneti yanu imakweza pa 5 Mbps, kuti tione nthawi yodikira.

Njira yoyamba ndi kungotsatira manambala omwe YouTube yokha inalemba. Pa vidiyo wamba yosakhala HDR amati 1080p ikhale 8 Mbps ngati mafulemu ali 24, 25 kapena 30, ndipo 12 Mbps ngati ali 48, 50 kapena 60. Pa 720p ndi 5 ndi 7.5, pa 1440p ndi 16 ndi 24, pa 4K ndi 35 mpaka 45 komanso 53 mpaka 68. Kodeki H.264, bokosi MP4, mawu AAC. Vidiyo yathu pa 8 Mbps ituluka 600 MB, kukweza mphindi 16. Mphindi 6 za m'chipinda zija zidzaoneka bwino ndithu, palibe angadandaule. Koma za mitengo ndi madzi zija, 8 Mbps imakhala yathina kale fayilo isanachoke pa kompyuta yanu, ndiye YouTube ilandira timabokosi tanu, ndipo poti iyo sidziwa kuti timabokosi ndi zolakwika imationa ngati mbali ya chithunzi, nkuwononga data yake yochepayo poyesetsa kutisunga. Ineyo manambala amenewa ndimawatenga ngati poyambira, osati pothera.

Njira yachiwiri ndi kukhala pa H.264 yomweyo koma kukweza bitireti, tinene 20 Mbps. Fayilo ikhala 1,500 MB, kukweza mphindi 40. Apa masamba ndi madzi zimafika kwa YouTube zikadali zoyera, ndipo kusintha kwake kumaoneka ndithu pa mbali zoyenda zija. Koma chenjerani, phindu lake silikwera mofanana ndi nambala. Kuchoka pa 8 kufika 20 mumaona kusiyana, kuchoka pa 20 kufika 50 fayilo imafika 3,750 MB ndipo kukweza ndi ola limodzi ndi mphindi 40, koma omwe akuonera pafupifupi sangasiyanitse, chifukwa polekezera pasanduka kufinya kwa YouTube osati kwanu. Komanso ngati kamera kapena foni inajambula pa 17 Mbps, kuekisipota pa 80 sikubweretsa zomwe kamera sinagwire, kumangoletsa kuti zisaonongekenso.

Mu njira yomweyi muli kusankha pakati pa CBR ndi VBR, ndipo vidiyo yathu ikuonetsa bwino kusiyana kwake. CBR imapereka data yofanana sekondi iliyonse, khoma losasuntha la m'chipinda 20 Mbps, madzi ochita mafunde 20 Mbps, kwina ikutayika pachabe kwina ikuperewera. Ntchito yake yeniyeni ndi ya layivu, pomwe netiweki imafuna data yoyenda mosadumphadumpha. VBR imachepetsa pomwe pali zosavuta nkukweza pomwe pavuta, ndiye pa fayilo yoti muapuloda sankhani VBR basi. Mu Premiere Pro mupeza VBR, 1 pass ndi VBR, 2 pass, ya 2 pass imayamba yaonera vidiyo yonse kuti idziwe povuta ndi pati kenako nkugawa data, imatenga nthawi pafupifupi kawiri koma imagawa mwanzeru. Pa chitsanzo chathu Target Bitrate ikhale 20, Maximum Bitrate 30 kapena 40, osaika manambala awiriwo ofanana chifukwa mukatero mwaimanga manja, siingathe kukwera pa madzi paja. Mu DaVinci Resolve pa Quality pali Restrict to ndipo amayeza mu Kb/s, ndiye 20 Mbps mumalemba 20000. Pa ma apu a pafoni nthawi zambiri sakupatsani nambala, amangoti yotsika, yapakati, yapamwamba, sankhani yapamwambayo.

Njira yachitatu ndi imene ine ndimaikonda kwambiri kwa munthu amene sakuopa mapulogalamu ofinyira vidiyo monga HandBrake kapena ffmpeg, yosauza kompyuta bitireti koma kuiuza kwalite imene mukufuna, iyo nkupeza yokha data yofunika. Mu x264, pulogalamu yofinyira vidiyo mu H.264, imatchedwa CRF, mu HandBrake amalemba RF. Nambala ikachepa kwalite imakwera, yomwe imakhalapo kale pa x264 ndi 23, ndipo pa 18 anthu ambiri sathanso kusiyanitsa ndi orijino. Mukatsitsa ndi 6 fayilo imakula pafupifupi kawiri, mukakweza ndi 6 imachepa pafupifupi ndi theka.

```
ffmpeg -i orijino.mov -c:v libx264 -preset slow -crf 18 -pix_fmt yuv420p -c:a aac -b:a 384k -movflags +faststart yotumiza.mp4
```

Ubwino wake ndi woti simukuchita kulota nambala, mphindi 6 za m'chipinda zidya data yochepa, za madzi zidya yambiri mmene zikufunira. Kuipa kwake simudziwa kukula kwa fayilo mpaka itamaliza, ndipo mphindi ya madzulo ija ndi imene ingakudabwitseni, noizi imasintha fulemu iliyonse ndiye CRF imathira data yambirimbiri posunga timchenga topanda ntchito. Chinanso, njirayi imafuna kuti muyambe mwatulutsa fayilo ya kwalite yapamwamba kuchokera mu edita kenako nkuifinya, mukaipatsa fayilo yofinyidwa kale pa 8 Mbps mwangowonjezera kufinya kwina pakati, zafika poipa kuposa kale. Mawu akuti `-preset slow` akutanthauza kuti kompyuta iganize mofatsa pa fulemu iliyonse, fayilo imachepa pa kwalite yomweyo, ndipo apa ndi pomwe palinso kusiyana ndi Hardware Encoding ya pa kadi ya magirafiki, yomwe imathamanga zedi koma pa bitireti yochepa nthawi zambiri imaperewera pang'ono poyerekeza ndi x264 yoyenda mofatsa. Mukamagwiritsa ya hadiweya ingoipatsani bitireti yochulukirapo, pa 20 kapena 25 Mbps kusiyanako kumachepa kwambiri.

Nanga H.265? H.264 inatuluka mu 2003, H.265 yomwe imatchedwanso HEVC inabwera mu 2013, inapangidwa ndi cholinga chopereka kwalite yofanana pa theka la data, ngakhale pa ntchito yeniyeni phindulo nthawi zambiri silifika theka lenileni, makamaka pa 1080p. Tinene vidiyo yathu pa H.265 muiike pa 12 mpaka 14 Mbps mmalo mwa 20 ija, pa 12 ndi 900 MB, kukweza mphindi 24. Kwa munthu amene data ndi yovuta kapena netiweki imaduladula, imeneyi ndi njira yabwino ndithu ndipo YouTube imailandira. Koma mvetsani ichi, kutumiza H.265 sikutanthauza kuti oonera alandira H.265, pulatifomu imafinyanso ndi kodeki yake, ndiye phindu lanu ndi fayilo yaing'ono basi osati matsenga pa kwalite. Imachedwa kuekisipota ngati kompyuta ilibe hadiweya yake, makompyuta akale amavutika kuisewera, ndipo ngati fayilo yomweyo mukufuna kuipatsanso anthu ena kuti aonere pa zipangizo zomwe simukuzidziwa, H.264 ndi imene imatseguka paliponse. Pomwe H.265 imawina mosakaika ndi pa 4K, pa HDR, komanso mukafuna 10-bit kuti masitepe a pathambo aja asayambire kwa inu. Ngati mugwiritsa CRF pa x265 dziwani kuti manambala ake si ofanana ndi a x264, yomwe imakhalapo kale ndi 28.

ProRes ndi DNxHR ndi makodeki a ntchito yoedita, fulemu iliyonse imasungidwa payokha osadalira inzake. ProRes 422 pa 1080p ya mafulemu 30 imayenda pafupifupi 147 Mbps, ndiye vidiyo yathu ifika pafupifupi 11 GB, kukweza pa intaneti ya 5 Mbps ndi maola pafupifupi 5. YouTube imailandira inde, ndipo ndi fayilo yoyera kuposa zonse, koma kusiyana kwake ndi H.264 yabwino ya CRF 18 ikadutsa m'manja mwa pulatifomu ndi kochepetsetsa. Ntchito yake ndi kusunga kope yanu yaikulu, yomwe mudzapangire makope ena, osati yotumiza tsiku ndi tsiku.

Yatsala njira imene imaoneka yachilendo koma pa YouTube imagwira, kukulitsa vidiyo ya 1080p kukhala 1440p musanaitumize. Kukulitsako pakokha sikuwonjezera kanthu pa chithunzi, mapikiselo atsopanowo ndi ongoyerekeza kuchokera pa akale. Chinsinsi chili ku mbali ya YouTube. Iwo amagawa mavidiyo ndi makodeki atatu, H.264, VP9 ya Google ya mu 2013, ndi AV1 ya mu 2018, ndipo awiri omalizawa amasunga zambiri pa data yofanana. Vidiyo ya 1080p ya tchanelo chaching'ono kawirikawiri imangopatsidwa H.264, pomwe ya 1440p kupita mmwamba kawirikawiri imapatsidwa VP9 kapena AV1 komanso data yochulukirapo. Mutha kudzionera nokha, dinani kumanja pa vidiyo nkusankha Stats for nerds, pa mzere wa Codecs mukaona avc1 ndi H.264, vp09 ndi VP9, av01 ndi AV1. Mu edita mumangosintha saizi ya ekisipoti kukhala 2560 ndi 1440, kapena mu ffmpeg muja mumawonjezera ichi musanalembe dzina la yotumiza.mp4:

```
-vf scale=2560:1440:flags=lanczos
```

Bitireti nayo iyenera kukwera poti mapikiselo achuluka, 16 Mbps ndi yomwe YouTube imanena pa 1440p ya mafulemu 30, ine ndingaike 24 chifukwa cha madzi aja, fayilo nkukhala 1,800 MB, kukweza mphindi 48. Pa mbali za mitengo ndi madzi njira imeneyi nthawi zambiri imathandiza kuposa kukweza bitireti ya 1080p kufika 50, pa fayilo yochepera theka. Malire ake ndi awa, ndi khalidwe la YouTube osati lonjezo, atha kusintha mmene amagawira makodeki nthawi iliyonse, ndiye muziona pa Stats for nerds osangokhulupirira. YouTube imatenganso nthawi yaitali kukonza kope ya 1440p. Ndipo pa TikTok, Instagram kapena WhatsApp musavutike nazo, kumeneko fayilo yaikulu imangochepetsedwa.

Pa mapulatifomu a vidiyo zoimirira ndiye nkhani ndi ina, tumizani 1080 ndi 1920, H.264, bitireti ya 10 mpaka 15 Mbps yakwana, ndipo chomwe chimaononga kwambiri kumeneko ndi apu yomweyo ya pafoni, imatha kuyamba yafinya vidiyo isanachoke nkomwe pafoni kuti isunge data. Pa Instagram yatsani Upload at highest quality mu masetin'gi, ma apu enanso ali ndi batani lofanana nalo. Ndipo musamadutsitse vidiyo pa WhatsApp pochoka pa kompyuta kupita pafoni, WhatsApp imafinya kwambiri, mukaitenga imeneyo nkuiponya pa Instagram yafinyidwa katatu. Ngati palibe njira ina itumizeni ngati Document, imafika mmene ilili.

Tibwerere pa mphindi ya madzulo ija, chifukwa njira zonse zimene tayerekeza palibe imene ingaipulumutse payokha. Mutha kutumiza ProRes ya 11 GB noizi yonse ili bwinobwino, pulatifomu ilibe data yosungira timchenga timeneto, ndiye malo amdima adzasanduka zigamba zoyendayenda. Chothandiza ndi kuchotsako noizi mu edita musanaekisipote, pang'ono chabe kuti nkhope isasanduke pulasitiki, ndipo ulendo wina kuwonjezera kuwala pojambula kuti ISO isakwere. Kamera yogwedezeka nayonso imadya data, mukaikhazika kapena kuiwongola mu edita kodeki imapeza zambiri zofanana pakati pa mafulemu. Shapuni yambiri, kunola chithunzi kuja, ndi timchenga tochita kuwonjezera dala tija zimavutitsa kodeki mofananamo. Mafulemu asiyeni mmene munajambulira, ya 30 kuitulutsa pa 60 sikuisalalitsa, ya 25 kuitulutsa pa 30 imayamba kudumphadumpha.

Ndiye pa vidiyo yathu ndingasankhe chonchi. Ikanakhala yonse ya munthu wolankhula m'chipinda, H.264 pa 10 kapena 12 Mbps VBR ndi yokwanira, osataya data. Poti ili ndi mitengo ndi madzi ndipo ikupita pa YouTube, ndingachotseko noizi pa mphindi yomaliza, nkuitulutsa pa 1440p, H.264, 24 Mbps kapena CRF 18. Netiweki ikakhala yovuta ndingachite zomwezo ndi H.265 pa bitireti yotsikirapo.

Musanakweze fayilo yonse dulani masekondi 30 a malo ovutitsitsa, pamadzi paja, muwatulutse m'njira ziwiri kapena zitatu nkuwaponya ngati Unlisted. Pa 24 Mbps masekondi 30 ndi 90 MB yokha. Musaweruze nthawi yomweyo chifukwa YouTube imayamba yatulutsa kope yotsika, ya HD imabwera pambuyo, mwina mphindi zingapo mwina maola, nchifukwa chakenso ndi bwino vidiyo yeniyeniyo kuisiya pa Unlisted mpaka HD itapsa musanaitsegulire anthu. Poyerekeza chotsani kwalite pa Auto muike nokha pa 1080p kapena 1440p, imitsani pa sekondi yomweyo pa makope onse, nkuyang'ana masamba ndi malo amdima. Muonenso fayilo yanu pa kompyuta pa sekondi imeneyo, timabokosi tikakhala kuti tilipo kale vuto ndi ekisipoti yanu ndipo kukweza bitireti kuthandiza, koma fayilo ikakhala yoyera ndipo yaonongeka pa intaneti pokha, kuwonjezera bitireti sikusinthanso kanthu, yesani 1440p ija kapena muchepetse noizi ndi kugwedezeka.